Malo awiri okha oyezera, koma yankho likulondola mpaka x³: zikutheka bwanji?

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi mayeso Lachisanu ndipo pali chinthu chandizunguza mutu kuyambira dzulo. Tikamafuna integiro ya fankishoni kuchokera pa −1 kufika pa 1, njira ya tirapeziyamu imayeza fankishoniyo malo awiri, kumapeto konse, ndipo imalondola ndendende pa mzere wowongoka basi. Ndiye akuti njira ya Gauss imayezanso malo awiri, koma angowasuntha n'kuwaika pa −0.57735 ndi 0.57735, kenako n'kuphatikiza zimene apezazo. Basitu, yankho likulondola mpaka x³. Ndayesa pa kakyuleta ndipo zikuthekadi. Koma madontho awiri amangotipatsa mzere wowongoka. Nanga njirayi ikudziwa bwanji kukhota kwa x² pamene kukhotako sinakuone?

Yamikani: Nkhani yake ndi yongowerenga zinthu, mchemwali. Pa tirapeziyamu malo anakusankhira kale, iwe umangosankha kulemera kwa malo aliwonse, ndiye uli ndi manambala awiri oti uwasewere. Kwa Gauss umasankha malo ndi kulemera komwe, manambala anayi. Manambala anayi amakwaniritsa maikweshoni anayi: a 1, x, x² ndi x³.

```
w1 + w2 = 2
w1*x1 + w2*x2 = 0
w1*x1^2 + w2*x2^2 = 2/3
w1*x1^3 + w2*x2^3 = 0
```

Malo akakhala n, manambala ndi 2n, ndiye digiri imafika 2n − 1. Lemba zimenezo pa mayeso udzapeza malikisi ako.

Tadala: Zikomo achimwene. Maikweshoniwo ndawathetsa: ndaika w1 = w2 = 1 ndi x1 = −x2, wachitatu akundipatsa x² = 1/3, ndiye x = 1/√3 = 0.57735. Apo ndavomera. Komabe funso langa lidakalipo. Ndaona kuti zikutuluka, sindinaone chifukwa chake. Ndipo malo akakhala asanu, maikweshoni 10 amenewo ndiwathetsa ndi dzanja?

Mayi Nabanda: Yamikani wanena zoona theka. Kuwerenga manambala kumakuuza zimene ungayembekezere, koma sikukutsimikizira kuti uzipeza, chifukwa maikweshoniwa si a mzere wowongoka. Malo akuchulukitsidwa ndi kulemera, ndiponso akukwezedwa mphamvu. Maikweshoni otere akhoza kusowa yankho, kapena kupereka malo akunja kwa −1 ndi 1, kumene fankishoni yako mwina kulibeko.

Chitsanzo chilipo chodziwika. Chebyshev anafuna kuti malo onse akhale ndi kulemera kofanana, munthu azingosankha malo okha. Powerenga ngati Yamikani, malo n akuyenera kukwaniritsa maikweshoni n. Zimayenda bwino malo akakhala kuyambira 1 mpaka 7, ndiponso pa 9. Koma pa 8, ndi kuyambira 10 kupita m'tsogolo, malo ena amatuluka manambala a kompulekisi, oti sungakayezepo kanthu. Kuwerenga kunali kolondola, koma njira palibe. Ndiye kuti ya Gauss imatheka pa n iliyonse, pali chifukwa china chozama.

Yamikani: Eee mayi, mwandigwetsera pagulu. Chabwino, tiuzeni.

Mayi Nabanda: Sindinakugwetse, ndakugwira dzanja. Tadala, tenga pepala. Iwala kaye za kulemera, yang'ana polinomiyo iyi: x² − 1/3. Ili ndi makhalidwe awiri. Loyamba, pa malo ako awiri aja imakhala 0, poti malowo ndi mizu yake. Lachiwiri, integiro yake kuchokera pa −1 kufika pa 1 ndi 2/3 − 2/3, ndiye 0. Ukaichulukitsa ndi x, integiro ndi 0 kachiwiri. Choncho ukaichulukitsa ndi mzere wowongoka uliwonse, ax + b, integiro imakhalabe 0.

Tsopano tenga polinomiyo ya digiri 3, iliyonse imene ungafune. Ine ndasankha iyi: 3x³ + 6x² + x + 1. Uigawe ndi x² − 1/3 monga tinkagawira manambala kupulaimale, undiuze zotuluka ndi chotsala.

Tadala: Ndiyamba ndi 3x. Kuchulukitsa kukundipatsa 3x³ − x, ndikachotsera patsala 6x² + 2x + 1. Kenako 6, zikupatsa 6x² − 2, patsala 2x + 3.

```
3x^3 + 6x^2 + x + 1 = (3x + 6)(x^2 - 1/3) + (2x + 3)
```

Ndalondola?

Mayi Nabanda: Ndendende. Polinomiyo yako yagawika zidutswa ziwiri. Chidutswa choyamba, (3x + 6)(x² − 1/3), ndi chimene chasenza kukhota konse. Funsa integiro yeniyeni kuti chidutswachi chikupereka zingati, iyankha 0, chifukwa cha khalidwe lachiwiri lija. Funsa njira ya Gauss, nayo iyankha 0, koma pa chifukwa china: pa malo ake awiri chidutswachi ndi 0, sikuchiona n'komwe. Mboni ziwiri zagwirizana, ngakhale imodzi inaona zonse ndipo inzake sinaone kanthu.

Chatsala ndi 2x + 3, mzere wowongoka, umene malo awiri aliwonse amautha ngati kulemera kwasankhidwa bwino. Integiro yake ndi 6. Gauss akuphatikiza 3 + 2/√3 ndi 3 − 2/√3, akupeza 6. Yang'ananso polinomiyo yoyamba: 6x² ikupereka 4, 1 akupereka 2, zinazo 0. Pamodzi 6.

Ndiye yankho la funso lako ndi ili: njirayi sidziwa kanthu za kukhota. Malo anaikidwa pamene kukhota kumene njirayo sikuona kumadzifafaniza kokha.

Tadala: Aaa! Dikirani ndijambule. Ndajambula x² ndi mzere wodutsa madontho awiriwo, ndi mzere wogona pa 1/3. Pakati pa madontho, x² ili pansi pa mzere, ndiye mzere ukuwonjeza. Kunja kwa madontho x² ili pamwamba, mzere ukuchepetsa. Ndawerengera: pakati ukuwonjeza 0.2566, kumapeto kulikonse ukuchepetsa 0.1283. Ziwirizo pamodzi 0.2566. Pamene tirapeziyamu, poti madontho ake ali kumapeto, mzere wake uli pamwamba pa x² njira yonse, palibe chobwezera.

Mayi Nabanda: Chithunzi chimenecho usachitaye. Ndi nkhani yonse.

Mavuto: Pepani ndalowa mochedwa. Ndiye mukuti Gauss amalondola kawiri kuposa njira zinazo? Kutanthauza kuti ngati tirapeziyamu yaphonya ndi 10, Gauss aphonya ndi 5? Ngati ndi choncho ine sindikuona phindu. Ndingodula chigawo changa pakati n'kuchita tirapeziyamu kawiri, kuphonya kutsika kanayi. Bwanji ndizivutika ndi manambala oipa ngati 0.57735?

Yamikani: Ayi Mavuto, chimene chikuwirikiza si kulondola kwa yankho, ndi digiri ya polinomiyo imene njirayo imaitha popanda kuphonya. Phindu lake pa fankishoni yosalala ndi lalikulu kwambiri kuposa kawiri. Tenga eˣ kuchokera pa −1 kufika pa 1. Yankho lenileni ndi 2.350402. Tirapeziyamu ya malo awiri ikupereka 3.086161, yaphonya ndi 0.74. Gauss wa malo awiri akupereka 2.342696, waphonya ndi 0.0077. Ntchito yofanana, kuyeza kawiri, koma kuphonya kwatsika pafupifupi maulendo 95. Simpson amayeza malo atatu n'kupeza 2.362054, kuphonya 0.0117, ndiye wagonja kwa Gauss amene wayeza kawiri kokha. Ukamupatsa Gauss malo atatu akupeza 2.350337, kuphonya 0.000065.

Mavuto: Ooh, ndinamva molakwika. Koma manambalawo ndi oipabe.

Yamikani: Kompyuta saidandaula zimenezo.

Tadala: Mayi, za malo awiri ndamva. Nanga x² − 1/3 munaitola kuti? Pa malo atatu kapena asanu ndikaipeza bwanji inzake?

Mayi Nabanda: Umaifuna ndi khalidwe lachiwiri lija. Pa malo n, ukufuna polinomiyo ya digiri n imene ukaichulukitsa ndi polinomiyo iliyonse ya digiri yochepera n, integiro ikhale 0. Ndi zimene a masamu amati othogono. Pa chigawo cha −1 mpaka 1 amenewa ndi mapolinomiyo a Legendre. Wa digiri 2 m'mabuku amaulemba (3x² − 1)/2, amene ndi x² − 1/3 wathu yemweyu atachulukitsidwa ndi 3/2. Mizu siisintha.

Wa digiri 3 upeze wekha. Yesa x³ − cx. Ukaichulukitsa ndi 1 kapena x², integiro ndi 0 popanda kuvutika, poti mbali ya kumanzere imafafaniza ya kumanja. Ukaichulukitsa ndi x ukupeza 2/5 − 2c/3, ndipo kuti izi zikhale 0, c akhale 3/5. Mizu ndi 0 ndi ±√(3/5), kapena kuti ±0.774597. Kulemera ndi 8/9 pakati, 5/9 mbali iliyonse. Waona kuti maikweshoni 6 ovuta aja sitinawakhudze?

Tsopano chifukwa chake n'kuwirikiza kawiri osati katatu. Tenga polinomiyo ya digiri 2n − 1, uigawe ndi ya Legendre ya digiri n. Zotuluka zili ndi digiri n − 1, chotsala nacho sichiposa n − 1. Chotsalacho chili ndi manambala n, ndipo amene amachitha ndi kulemera. Zotuluka zilinso ndi manambala n, ndipo amene amazipha ndi malo. Theka la ntchito ndi la kulemera, theka lina ndi la malo. Apa m'pamene kuwerenga kwa Yamikani kwapeza maziko.

Yamikani: Mayi, ndili ndi chotsutsa. Mukuti malo n wamba amafika digiri n − 1. Koma Simpson ali ndi malo atatu otalikirana mofanana, ndipo amalondola mpaka x³, osati x². Gauss wa malo atatu amafika 5. Ndiye 3 ndi 5, kuwirikiza kwake kuli pati? Ine ndimaona ngati mawu akuti kawiriwa ndi okometsera malonda.

Mayi Nabanda: Funso labwino, ndipo pang'ono ndikugwirizana nawe. Chimene chimawirikiza ndendende ndi chiwerengero cha mphamvu za x zimene tili nazo chitsimikizo: n pa malo alionse, 2n pa malo a Gauss. Simpson analandira basera. Polinomiyo imene mizu yake ndi malo a Simpson, −1, 0 ndi 1, ndi x³ − x. Integiro yake ndi 0, ndiye wapambana mayeso oyamba, digiri yakwera kuchoka pa 2 kufika pa 3. Uichulukitse ndi x, ukupeza 2/5 − 2/3, ndiye −4/15. Apa walephera, ndipo waima pomwepo. Mayeso aliwonse amene polinomiyo ya malo ako yapambana motsatana, wa 1, wa x, wa x², amakukweza digiri imodzi. Simpson wapambana amodzi. Gauss amapambana onse n. Kusiyana kwa x³ − x ndi x³ − 0.6x n'kochepa pamaso, koma ndi kumene kukupatsa madigiri awiri owonjezera.

Yamikani: Ndiye Simpson anangochita mwayi chifukwa malo ake ndi ofanana mbali zonse.

Mayi Nabanda: Inde, ndipo basera limeneli limabwera pa malo otalikirana mofanana pokhapokha chiwerengero chawo chikakhala chosagawika pawiri. Malo anayi amafikanso digiri 3 yomweyo.

Tadala: Nanga wina wochenjera kuposa Gauss sangapeze malo awiri ofika x⁴?

Mayi Nabanda: Sangathe, ndipo umboni wake ndi waufupi. Sankha malo awiri alionse, a ndi b. Panga (x − a)²(x − b)². Ndi ya digiri 4, siitsika pansi pa 0, ndipo integiro yake ndi yoposa 0. Koma njira yako ikayeza pa a ndi pa b ipeza 0 ndi 0. Kaya kulemera ukuike kotani, yankho ndi 0. Yaphonya. Munthu aliyense akangoulula malo ake, ine ndimamupangira polinomiyo ya digiri 2n yomukola.

Tadala: Ndayesa pa malo a Gauss. Integiro ya (x² − 1/3)² ndi 2/5 − 4/9 + 2/9 = 8/45 = 0.1778. Ndipo x⁴ yokha, yeniyeni ndi 0.4, Gauss akupereka 2/9 = 0.2222. Kusiyana kwake 0.1778! Nambala yomweyo!

Mayi Nabanda: Ndipo si mwangozi. Masula mabulaketiwo: kupatula x⁴, zonse zili m'menemo ndi za digiri yotsika zimene njirayi imazitha. Ndiye kuphonya konse ndi kwa x⁴.

A Gondwe: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa mundilole. Ine masamu ambiri ndinawasiya kalekale, ntchito yanga yakhala yoyeza madzi m'mitsinje. Timalowa m'madzi ndi ndodo yokhala ndi kachipangizo kozungulira, kamene kamatiuza liwiro la madzi. Madzi a pamwamba amathamanga, a pansi amakokedwa ndi miyala, ndiye timafuna liwiro la pakatikati pa kuya konse. Lamulo limene tinaphunzitsidwa n'lakuti yeza pa 0.2 ndi pa 0.8 ya kuya kuchokera pamwamba, phatikiza, gawa pawiri. Madzi akakhala osaya, yeza kamodzi pa 0.6. Tsono nditaona 0.57735 wanuyu ndamusamutsira pa chigawo cha 0 mpaka 1, ndikupeza 0.211 ndi 0.789. Kodi zaka zonsezi ndakhala ndikuchita za Gauss m'madzi osadziwa?

Yamikani: Bambo Gondwe, ndi zomwezo! Ndi Gauss wa malo awiri, angozunguliza manambala kuti akumbukike. Mutayeza pa 0.211 ndi 0.789 mungalondole koposa.

A Gondwe: Mwana wanga, munalowapo mu mtsinje wa dzinja? Pa kuya kwa mita 1.5, 0.2 ndi masentimita 30, 0.211 ndi masentimita 31.7. Kusiyana sikufika masentimita 2. Madzi pa ndodo amakwera n'kutsika kuposa pamenepo, mchenga ukuthawa pansi pa phazi, iwe ukuyang'ananso kumtunda kuopa chipika. Koma funso langa lina ndi ili. Ngati ndi Gauss, malo amodzi anayenera kukhala pakati penipeni, 0.5. Nanga 0.6 akuchokera kuti?

Mayi Nabanda: Bambo Gondwe, funso lanu lafika pamene njirayi imathera mphamvu. Mwanena zoona, Gauss wa malo amodzi ndi pakati, ndipo amalondola pa mzere wowongoka. Koma liwiro la madzi si polinomiyo. Kufupi ndi pansi limasintha mwamsanga, ndipo kawirikawiri amaliyerekeza ndi logarizimu ya kutalika kuchokera pansi. Tiyeni tiyese ln z, z kuchokera pa 0 pansi kufika pa 1 pamwamba. Integiro yake ndi −1 ndendende.

Pakati, pa 0.5, tikupeza −0.693, kutali ndithu. Pa 0.6 wanu kuchokera pamwamba, amene ndi 0.4 kuchokera pansi, tikupeza −0.916. Malo amene angalondole ndendende ndi 0.368 kuchokera pansi, kapena kuti 0.632 kuchokera pamwamba. Ndiye 0.6 ndi mwana wa logarizimu, osati wa Legendre.

Tsopano malo awiri. A Gauss, 0.2113 ndi 0.7887, akupereka −0.896. Anu a 0.2 ndi 0.8 akupereka −0.916. Pa fankishoni imeneyi anu ndi amene ayandikira. Onaninso kuti 0.2 kuchulukitsa ndi 0.8 ndi 0.16, amene ndi 0.4 kuchulukitsa ndi 0.4. Choncho madzi akamatsata logarizimu, malamulo anu awiri aja amapereka yankho limodzi.

A Gondwe: Hee! N'chifukwa chake tikayeza pa malo onse atatu pa mtsinje wowongoka bwino manambala amagwirizana. Akasiyana kwambiri timadziwa kuti pansi pali udzu kapena mwala waukulu. Ine ndinkangoti ndi nzeru za akuluakulu.

Yamikani: Komabe mayi, logarizimu imagwira bwino kufupi ndi pansi. Kufupi ndi pamwamba pa madzi liwiro limakhota mosalala, nthawi zina lalikulu silikhala pamwamba penipeni koma pansi pake pang'ono. Pamenepo malo a Gauss ndi amene angathandize. Ine ndikuonabe kuti 0.2 ndi 0.8 amagwira ntchito pa mitsinje yosiyanasiyana chifukwa ali pafupi ndi mizu ya Legendre.

Mayi Nabanda: Zimenezo sindikukana. Kukhala pafupi ndi mizu kumapangitsa kuti kukhota kosalala kulikonse kusakupweteke kwambiri. Zifukwa ziwirizi zikukokera mbali imodzi. Chimene ndikukana n'chakuti kusamukira pa 0.211 kungawakonzere manambala a Bambo Gondwe.

Tadala, phunziro lako pa mtsinjewu ndi ili. Onjezera malo akhale atatu pa ln z, upeza −0.948. Kuphonya kwachoka pa 0.104 kufika pa 0.052, kwangotsika ndi theka. Pa eˣ kuchoka pa malo awiri kufika atatu kunatsika maulendo oposa 100. Digiri 2n − 1 ndi lonjezo la pa mapolinomiyo. Fankishoni imapindula nalo molingana ndi mmene ikufananira ndi polinomiyo, ndipo ln z kufupi ndi 0 safanana nayo. Chizindikiro chake n'chimenechi: ukuwonjezera malo koma manambala a yankho akukhazikika mochedwa. Ukaona zotero, funa pamene fankishoni yathyoka kapena yathawira kutali. Ngati yathyoka pakati, dula chigawo pomwepo. Ngati vuto lili kumapeto ndipo ukulidziwa mtundu wake, umalitulutsa n'kupanga mapolinomiyo othogono a vutolo, kugawa kuja kumayenda chimodzimodzi.

Mavuto: Ine ndili ndi manambala a mvula amene analembedwa ola lililonse. Ndingagwiritse Gauss kuti ndipeze yonse pamodzi?

Yamikani: Ayi. Malo anakusankhira kale ndi wotchi. Gauss amafuna fankishoni imene ungaifunse pamalo alionse. Khala ndi tirapeziyamu yako. Ndipo ngati nambala iliyonse ndi mvula yogwa m'ola lonselo, ungophatikiza basi.

Tadala: Ndabweranso ndi vuto. Ndayesa pa kompyuta eˣ kuchokera pa 0 kufika pa 1. Yankho likuyenera kukhala 1.71828 koma ndikupeza 3.43656. Chodabwitsa n'chakuti nditayesa 0 mpaka 2 zinatuluka bwino.

```python
import numpy as np
x, w = np.polynomial.legendre.leggauss(3)
a, b = 0.0, 1.0
t = 0.5*(b - a)*x + 0.5*(a + b)
print(np.sum(w*np.exp(t)))
```

Yamikani: Malo wawasamutsa koma kulemera wakuiwala. Kulemera kumene `leggauss` amapereka ukakuphatikiza ndi 2, kutalika kwa −1 mpaka 1. Chigawo chako ndi chotalika 1, ndiye chulukitsa ndi `0.5*(b - a)`. Pa 0 mpaka 2 nambala imeneyo ndi 1, n'chifukwa chake cholakwacho chinabisala. Inenso chinandigwira kuntchito, ndinataya tsiku lathunthu ndikusaka kwina. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi fankishoni 1: yankho likhale b − a. Kenako ndimayesa mphamvu 2n − 1, ilondole mpaka manambala otsiriza, ndi mphamvu 2n, iphonye. Pa malo atatu, −1 mpaka 1, x⁶ ikupatse 0.24 pamene yeniyeni ndi 2/7, 0.2857. Koma mphamvu 2n − 1 uiyese pa chigawo ngati 0 mpaka 1, chifukwa pa −1 mpaka 1 x⁵ imatuluka 0 ngakhale malo ako ali olakwika, bola akhale ofanana mbali zonse.

Tadala: Zatheka, 1.71828. Mayi, katsala kamodzi. Munati Chebyshev malo ake anasochera. Tikudziwa bwanji kuti mizu ya Legendre siidzasochera pa n yaikulu?

Mayi Nabanda: Wakumbukira bwino, ndinatsala pang'ono kuthawa ndi ngongole. Tiyerekeze kuti polinomiyo ya Legendre ya digiri n ikudutsa mzere wa 0 pakati pa −1 ndi 1 pa malo m okha, m wochepera n. Panga polinomiyo ina ya digiri m imene mizu yake ndi malo amenewo. Ziwirizi zimasintha chizindikiro pamalo amodzimodzi, ndiye ukazichulukitsa zotuluka zimakhala mbali imodzi ya 0 njira yonse, ndipo integiro yake singakhale 0. Koma digiri m ndi yochepera n, ndiye othogono ukuti ikhale 0. Zatsutsana. Choncho imadutsa maulendo n, mizu yonse ndi yeniyeni, yosiyana, ndipo ili mkati.

Kulemera nakonso sikutsika pansi pa 0. Tenga polinomiyo ya digiri n − 1 imene ndi 1 pa malo amodzi ndi 0 pa ena onse, uichulukitse ndi iyo yomwe. Digiri yake ndi 2n − 2, njirayi imaitha, ndipo yankho la njirayi ndi kulemera kwa malo amodzi aja. Integiro ya chinthu chosatsika pansi pa 0 ndi yoposa 0. Izi si zokongoletsa chabe. Pa malo otalikirana mofanana, ukafika malo 9 kulemera kwina kumatsika pansi pa 0, ndipo ukamapitirira kumakula, kolakwika kakang'ono m'zoyeza kamakuzidwa.

Kambali chabe: Gauss mwini mu 1814 sanadzere njira ya kugawa imene takambayi, anadzera m'mafulakishoni opitirira. Anali Jacobi mu 1826 amene anaonetsa kuti nkhani yagona pa othogono. Dzina linatsala kwa Gauss, koma umboni umene udzalembe Lachisanu ndi wa Jacobi.

Tadala: Ndiye pa mayeso ndiyambe ndi kugawa, kenako zifukwa ziwiri za 0, kenako chotsala?

Mayi Nabanda: Inde, koma usaiwale kunena kuti kulemera kwasankhidwa kuti kuthe digiri n − 1. Ambiri amataya malikisi pamenepo, amapha chidutswa choyamba bwinobwino n'kusiya chotsala chopanda mwini.

Yamikani: Bambo Gondwe, ulendo wina mukadzapita kumtsinje mudzayeze malo 10 pa kuya kumodzi mutitumizire manambala. Tidzaone ngati 0.2 kapena 0.211 ndi amene akuyandikira.

A Gondwe: Ndidzayeza madzi akaphwa, cha mu Ogasiti. Koma inu mudzabwere mudzagwire ndodo, ndione ngati masentimita 1.7 anuwo mudzawapeze.